Chinenero Chikasintha Sichinawole

Akulu ena amadandaula kuti achinyamata akuwononga Chichewa. Komatu mbiri ya mawu ikutsutsa dandaulo limeneli.

Makolo ankati "ndili kupita", monga mabuku akale akusonyezera. Pakamwa pa anthu mawuwo anafupika nakhala "ndikupita", ndipo tanthauzo silinatayike. Nayenso "dza" wa mu "adzalima" anachokera ku mneni "kudza". Lero ntchito yake ndi kulozera m'tsogolo.

Mawu obwereka nawo ngakale. Apwitikizi atakhazikika ku Tete m'zaka za m'ma 1500, "carta" anasanduka kalata, "capitão" nakhala kapitawo. Pochulukitsa, Mchewa amati makalata ndi akapitawo, motsata malamulo a chinenero chake, osati a Chipwitikizi. Chinenero chowola sichikadatha kuweta mawu achilendo chotere.