Ntchito Zimene Sizilola Kuchedwa: Kumvetsa CPM

Pa ntchito iliyonse yaikulu pamakhala tizigawo tina tomwe tikachedwa ndi tsiku limodzi, ntchito yonse imachedwanso ndi tsiku limodzi. Pamakhalanso tina tomwe tingachedwe sabata yathunthu popanda wodandaula. Vuto ndi lakuti ndi maso okha simungasiyanitse. Njira ya CPM ndi masamu osiyanitsira magulu awiriwa. Inakonzedwa ku Amereka cha m'ma 1957 ndi a James Kelley a kampani ya Remington Rand pamodzi ndi a Morgan Walker a kampani ya DuPont, ndipo lero akatswiri a zomangamanga amaidalira kwambiri. Masamu ake ndi kuphatikiza ndi kuchotsera basi.

Tiyerekeze kuti mukumanga kasitolo ka chipinda chimodzi. Ntchito zilipo zisanu ndi ziwiri, ndipo masiku ake ndi ongoyerekeza. Fondeshoni, yomwe tiitche A, itenga masiku 4. Zipupa, B, zitenga masiku 6 ndipo sizingayambe fondeshoni isanathe. Kugula ndi kututa matabwa, C, ndi masiku 2 ndipo sikudikira chilichonse. Denga, D, ndi masiku 3, koma likufuna zipupa zitatha komanso matabwa atafika. Kupanga zitseko, E, ndi masiku 5 ndipo kukudikira matabwa okha. Pulasitala, F, ndi masiku 4 denga litakhomedwa. Pomaliza pali G, kuika zitseko ndi kupaka penti, masiku 2, yomwe ikudikira pulasitala ndi zitseko zomwe.

Kudikirana kumeneku ndiye maziko a zonse. Amakutcha kudalirana kwa ntchito, ndipo mukakulemba molakwika masamu onse otsatira amanama. Funso lofunsa pa ntchito iliyonse ndi lakuti: kodi nchiyani chiyenera kutha kuti iyi iyambe? Chimene tinazolowera kuchita poyamba si yankho. Anthu ambiri amagula matabwa zipupa zitafika kale pamwamba, koma palibe chimene chimawakakamiza kutero.

Mukaphatikiza masiku onse mupeza 26, koma sitoloyo sitenga masiku 26 chifukwa ntchito zina zimayenda limodzi. Kuti tipeze nthawi yeniyeni timawerengera chopita kutsogolo, kuyambira pa ziro, ndi kulemba nthawi yofulumira kwambiri imene ntchito iliyonse ingayambe ndi kutha. Fondeshoni iyamba pa 0 nkutha pa 4, zipupa pa 4 mpaka pa 10. Matabwa afika pa 2. Denga likudikira zinthu ziwiri, china chokonzeka pa 2 china pa 10, ndiye liyamba pa 10, chifukwa pamene ntchito zakumana timatenga nambala yaikulu. Litha pa 13, pulasitala nkutha pa 17. Zitseko zinatha kalekale pa 7, koma G iyambabe pa 17 nkutha pa 19. Sitolo yathu ndi ya masiku 19.

Tsopano timabwerera chakumbuyo kuchokera pa 19, tikufunsa funso lina: kodi ntchito iyi ingachedwe mpaka liti osasuntha tsiku lomaliza? G iyenera kuyamba pa 17, pulasitala pa 13, denga pa 10, zipupa pa 4, fondeshoni pa 0. Onani kuti manambalawa ndi omwe aja tinapeza popita kutsogolo. Zitseko ndiye zosiyana: zikufunika pa 17, zimatenga masiku 5, choncho zingayambe ngakhale pa 12. Pa matabwa ndi pamene ambiri amasokonezekera. Wopanga zitseko akuwafuna pofika pa 12, koma wokhoma denga akuwafuna pa 10. Pobwerera timatenga nambala yaing'ono, ndiye matabwa afike pa 10, kutanthauza kuti ulendo wokagula uyambe pa 8.

Kusiyana kwa nthawi yochedwetsetsa kuyamba ndi yofulumira kwambiri ndiko kumatipatsa mpata, womwe akatswiri amati fuloti. M'mabuku ndi pakompyuta nthawi yofulumira kuyamba imalembedwa ES, yochedwetsetsa LS:

```
Total Float = LS - ES
C: 8 - 0 = 8
E: 12 - 2 = 10
```

Ntchito za A, B, D, F ndi G mpata wake ndi ziro. Mndandanda umenewu ndiwo njira yosalola kuchedwa, ndipo nthawi zonse imakhala njira yaitali kuposa zonse: iyi ndi ya masiku 19, pamene yodzera matabwa ndi denga ndi 11, yodzera matabwa ndi zitseko ndi 9. Ntchito kukhala pa njirayi sikutanthauza kuti ndi yodula kapena yovuta. Kupaka penti ndi kantchito kochepa, koma kali pomwepo.

Mpata uli ndi msampha wake. Munthu angaone 8 pa matabwa ndi 10 pa zitseko nkuganiza kuti ali ndi masiku 18 opumira. Ayi ndithu. Ntchito ziwirizi zikudyera mbale imodzi. Matabwa akachedwa ndi masiku 8 afika pa 10, zitseko ziyamba pa 10 m'malo mwa pa 2, ndipo mpata wa zitseko utsala masiku 2 okha. Nchifukwa chake pali mtundu wachiwiri wa mpata, womwe umayeza masiku amene ntchito ingachedwe osakankha ntchito yotsatira. Pa matabwa mpata umenewu ndi ziro, popeza akachedwa tsiku limodzi kalipentala ayambanso mochedwa. Pa zitseko ndi 10 yonse, chifukwa G ikudikirabe pulasitala. Mu Microsoft Project mitundu iwiriyi imaoneka ngati Total Slack ndi Free Slack. Woyang'anira ntchito amene amauza aliyense mpata wonse ngati wakewake akudziputira mavuto, chifukwa woyamba adzaudya wonse.

Njirayi siikhazikika pamodzimodzi. Lole ya matabwa ikachedwa ndi masiku 9, matabwa afika pa 11, denga litha pa 14, sitolo itha pa 20. Matabwa aja, omwe sitimawaganizira nkomwe, ndiwo tsopano akulamulira. Chizindikiro chake chimaoneka msanga ngati sabata iliyonse mukubwereza masamu pogwiritsa ntchito masiku amene atsaladi: mpata umene unali 8 ukatsika kufika pa 3, kenako pa 1, dziwani kuti vuto layandikira.

Masamu omwewa amakuuzaninso koyenera kuika ndalama mukafuna kufulumira. Kulemba kalipentala wachiwiri wa zitseko sikuchotsa ngakhale tsiku limodzi pa 19 paja. Kuwonjezera amisiri pa zipupa kuti zithe masiku 4 m'malo mwa 6 kumatsitsa ntchito yonse kufika pa 17.

Chimene CPM siiona payokha ndi kuchepa kwa anthu ndi zipangizo. Imangoganiza kuti ntchito ikamasuka woigwira alipo. Nanga ngati kalipentala wa zitseko ndi yemweyo wa denga? Papepala zitseko zingayambe pa 12, koma pa 10 mpaka pa 13 munthuyo ali padenga. Akayamba zitseko pa 13 amaliza pa 18, ndipo sitolo itha pa 20. Kuti zimenezi zisachitike, zitseko zithe denga lisanayambe, kutanthauza kuti ziyambe pofika pa 5, ndipo matabwa afike pofika pa 5 pomwepo. Mpata wa zitseko, womwe papepala unali 10, kwenikweni ndi 3. Choncho mukamaliza kuwerengera, lembani dzina la mmisiri pambali pa ntchito iliyonse, muone ngati palibe amene mwamuika malo awiri tsiku limodzi.