Kufufuta Mikombero Yowala pa Chithunzi

Kufufuta mikombero yowala ndi ntchito yochotsa mizere yoyera imene imatsatira m'mphepete mwa zinthu pa chithunzi chimene chanoledwa mopyola muyeso.

Gwero la mikomberoyi ndi chida monga Unsharp Mask, chimene chimawalitsa mbali yowala ya malire ndi kudetsa mbali yakuda. Amount ikakwera, mkombero umawala kwambiri. Radius ikakula, umatambasuka. Mizere yobwerezabwereza ngati mafunde kawirikawiri imabwera ndi Deconvolution. Vutoli limaonekera bwino chithunzi chikakulitsidwa pa 100%, makamaka pamene denga la nyumba lakumana ndi thambo.

Ngati fayilo yoyambirira ilipo, chithunzi chimanoledwanso ndi Radius yosafika pikiselo 1. Ngati palibe, mu Photoshop wokonza amatsegula leya yatsopano, naika Mode ya leyayo pa Darken, nasankha Clone Stamp n'kuika Sample pa Current & Below. Amatapa mtundu wa thambo pafupi ndi mkombero, n'kupaka motsatira denga. Darken imasintha mapikiselo okhawo owala kuposa mtundu wotapidwa, choncho mkombero umazimirira, denga lakuda osakhudzidwa. Mzere wakuda umafuna Lighten. Pamene payereratu mpaka 255, zimene zinalipo sizibwerera, zimangophimbidwa.