Mlimi, kalulu ndi citsa: mwambi wa ku China umene unali cida ca ndale

Anthu a ku China ali ndi miyambi yaifupi imene amaicha kuti chengyu. Yambili imakhala ndi mau anayi cabe, ndipo ngati simudziwa nkhani imene ili kumbuyo kwake, mungamve liu lililonse koma tanthauzo n'kukudutsani. Umodzi mwa miyambi imeneyi umalembedwa 守株待兔, ndipo pokamba amati shou zhu dai tu. Shou ni kulonda, zhu ni citsa, dai ni kuyembekeza, tu ni kalulu. Tikaika pamodzi: kulonda citsa poyembekeza kalulu.

Nkhani yake ni iyi. M'dziko la Song munali mlimi wina amene m'munda mwake munali citsa. Tsiku lina ali pa nchito, kalulu anabwela paliwilo, n'kugunda pa citsa cija, n'kuthyoka khosi. Mlimi anapeza ndiwo popanda msampha, popanda galu. Kucokela tsikulo anaika pansi cida cake colimila n'kukhala pafupi ndi citsa kuti kalulu wina abwele. Wina sanabwele, ndipo munthu uja anasanduka coseketsa m'dziko lonse la Song.

Ife amene tinakulila pa nthano za Kalulu wocenjela, wopusitsa Njovu ndi Mkango, tinadabwa titamva koyamba za kalulu wofa mopusa conco. Tinaiŵelenganso pa pulogilamu ya ana ku wailesi, n'kuimaliza ndi phunzilo lakuti ulesi ni woipa. Pambuyo pake m'pamene tinaona kuti tinaicepetsa. Amene anailemba sanali kukamba ndi ana, ndipo ulesi sindiwo unali mlandu wake waukulu.

Wolembayo anali Han Fei, wa m'banja lacifumu la dziko la Han. Anakhalako pa nthawi imene China anali wogawika m'maufumu akuluakulu asanu ndi aŵili omenyana. Han unali umodzi mwa maufumu ofooka, ndipo unali m'malile ndi Qin, ufumu wamphamvu umene unali kumeza minda ndi mizinda ya anzake. Wolemba mbili Sima Qian anati Han Fei anali wacibwibwi, koma pa colembela panalibe womuposa. Analembela mfumu ya kwawo kangapo kuicenjeza, koma mfumu sinamumvele.

Nkhani ya citsa ili m'mutu wa buku lake umene umachedwa Wu du, kutanthauza tizilombo tisanu tofumbwa dziko. Pa nthawiyo alangizi ambili a mafumu, makamaka otsatila Confucius, anali kuphunzitsa kuti dziko lidzacila ngati mfumu itengela mafumu oyela akale monga Yao ndi Shun, amene analamulila ndi cifundo ndi khalidwe labwino. Han Fei anatsutsa zimenezi poyenda m'mbili pang'onopang'ono. Kalekale, anatelo, anthu anali ocepa ndipo zilombo zinali zambili, ndiye munthu amene anawaphunzitsa kumanga zisa m'mitengo anamuika kukhala mfumu. Wina anawaphunzitsa kupeka moto kuti aleke kudwala ndi zakudya zaziŵisi, nayenso anakhala mfumu. Pambuyo pake vuto linakhala cigumula, ndipo Yu anakumba ngalande zocotsa madzi. Manje tiyelekeze kuti m'masiku a cigumula wina akanabwela n'kunena kuti njila ni kumanga zisa, cifukwa ndi imene inapulumutsa makolo. Anthu akanamuseka. Apa m'pamene Han Fei analoŵetsa mlimi wa ku Song, n'kunena kuti ofuna kulamulila anthu a lelo ndi njila za mafumu akale ali ngati wolonda citsa uja.

Onani bwino colakwa ca mlimiyo. Kalulu anafadi, ndiwo inadyedwadi, palibe bodza pamenepo. Cimene anaphonya n'cakuti sanafunse cimene cinacititsa. Anaganiza kuti citsa ndico cigwila akalulu, pamene kwenikweni zinangocitika mwangozi: kalulu mmodzi, tsiku limodzi, liwilo lakelake. Ndiponso kulonda citsa si nchito yopepuka. Munthu angakhale pamenepo kucokela m'maŵa mpaka madzulo, wokhulupilika ndithu, munda uli kumela udzu.

Han Fei anapelekanso cifukwa cimene cifundo ca akale sicingabwelele, ndipo cifukwa cake cinali masamu. Mwamuna kukhala ndi ana aamuna asanu sicinali cacilendo. Aliyense wa iwo akabeleka asanu, agogo asanafe ali kale ndi adzukulu 25, koma munda ni womwewo. Kwa iye, anthu akale anali opatsa cifukwa zinthu zinali zambili, ndipo a m'nthawi yake anali kukangana cifukwa zinthu zinacepa. Mtima wa munthu sunasinthe, cinasintha ni nkhokwe.

Nanga n'cifukwa ciani mlimiyo anali wa ku Song? Olamulila a Song anali mbadwa za mafumu a Shang, amene anagonjetsedwa ndi a Zhou zaka zoposa 1,000 Yesu asanabadwe. Anawasiyila kadziko kuti azipeleka nsembe kwa makolo awo, ndipo m'mabuku a nthawiyo munthu wa ku Song kaŵilikaŵili ndiye anali citsilu ca m'nthabwala. Mencius nayenso ali ndi mlimi wa ku Song amene anakoka mbewu zake m'mwamba kuti zikule msanga, zonse n'kufota. Ife timadziŵa bwino nthabwala za acimbuya pakati pa Angoni ndi Abemba, koma pa cimbuya aliyense amabweza. Song sinathe kubweza: inafafanizidwa ndi ufumu wa Qi m'caka ca 286 B.C., Han Fei asanalembe. Kwa omvela ake, munthu wa ku Song anali cizindikilo ca anthu okakamila zakale amene dziko lawo kulibenso.

Tisafulumile kumuombela m'manja. Mankhwala amene Han Fei anapeleka anali malamulo olembedwa, mphotho zazikulu ndi zilango zoŵaŵa, kuti dziko likhale la alimi ndi asilikali basi. Tizilombo tisanu tija tinali akatswili a mabuku akale, odziŵa kukamba oyendayenda kwa mafumu, onyamula malupanga odzigwilila cilungamo, othaŵa usilikali, ndiponso amalonda pamodzi ndi amisili. Pa mndandanda umenewu, wogulitsa pa msika ndi ife okamba pa wailesi tonse tikanapezekapo.

Mfumu ya kwawo inanyalanyaza zolemba zake, koma mfumu Zheng ya ku Qin inaziŵelenga ndipo inazikonda kwambili. Han Fei atafika ku Qin monga nthumwi, anakumana ndi Li Si, nduna imene anaphunzila nayo kwa mphunzitsi Xunzi. Malinga ndi Sima Qian, Li Si anauza mfumu kuti mwana wa ku Han adzakhalabe wa ku Han. Han Fei anaikidwa m'ndende, ndipo Li Si anamutumizila poizoni. Anafa mu 233 B.C. Patapita zaka zitatu, Han unakhala woyamba kumezedwa mwa maufumu asanu ndi limodzi otsala. Mu 221 B.C. Zheng anagwilizanitsa China yense n'kukhala Qin Shi Huang, ndipo mu 213 B.C., pa uphungu wa Li Si, analamula kuti mabuku ambili akale atenthedwe.

Ufumu wa Qin unagwa patangopita zaka pafupifupi 15. Wolemba wina wa m'badwo wotsatila, Jia Yi, anafotokoza kuti Qin inalephela kuona kuti kulanda dziko ndi kulisunga ni nchito ziŵili zosiyana, ndipo inapitiliza ndi nkhanza zimene zinaipambanitsa pa nkhondo. Sanachule citsa, koma ife tikaŵelenga mlandu umenewu timaona mlimi wa ku Song atakhala pa mpando wacifumu.

Lelo ana a sukulu za pulaimale ku China amaphunzila nkhaniyi, ndipo pokamba tsiku ndi tsiku, shou zhu dai tu amanena munthu woyembekeza mwayi popanda kucitapo kanthu. Nthawi zina amaugwilitsila nchito popanda citonzo, ponena apolisi amene abisala pamalo amodzi kuyembekeza kuti wakuba abwele yekha.