Dzira, Nsomba ndi Nyama pa Chakudya Choyamba cha Mwana

Mwana akakwanitsa miyezi 6, mkaka wa m'mawere pawokha sumukwaniranso, makamaka pa ayironi amene amathandiza thupi kupanga magazi. Apa ndi pomwe timayamba phala, uku akuyamwabe. Koma phala la ufa ndi madzi basi limangodzaza mimba. M'makomo ambiri timathiramo msuzi wa nsomba n'kumati mwana wadya ndiwo, chonsecho chomanga thupi chatsala mu mnofu.

Tiyambe ndi dzira. Tiliwiritse mphindi 10 mpaka chikasu chake chilimbe, chifukwa losapsa likhoza kumutsegula m'mimba. Tsiku loyamba tinyenye kachidutswa kodzaza nsonga ya sipuni yaing'ono, choyera ndi chachikasu pamodzi, tisakanize m'phala. Tichite izi m'mawa, mwana ali bwinobwino, kuti timuyang'anire usana wonse. Ngati palibe chachilendo, mawa lake tipereke theka la sipuni, kenako tiziwonjezera. Tidikire masiku 3 tisanayese nsomba, apo ayi sitingadziwe chomwe chamuwenga. Dzira likamuyanja tisalisiye, azidya sabata iliyonse.

Chakudya chikamuwenga mwana, zizindikiro zimabwera msanga, kawirikawiri pasanathe maola 2. Khungu limachita ziwengo zotukuka ndi zoyabwa, milomo kapena zikope zimatupa, mwina amasanza. Zikatero tisiye chakudyacho, ndipo tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Koma akayamba kubanika, kupuma molira ngati likhweru, mawu kusasa, lilime kutupa, kapena akangolefuka n'kutuwa, palibe zodikira bambo abwere kunyanja. Tithamange naye nthawi yomweyo, tisamumwetse kanthu. Mwana amene ali kale ndi vuto lalikulu la khungu louma ndi loyabwa, tiyambe tafunsa kusikelo tisanamupatse dzira.

Pa nsomba chomwe timaopa kwambiri ndi minga. Chambo kapena kampango tiphike mpaka apse, titenge mnofu wokha, tiufikise ndi zala zosamba bwino pa mbale yoyera. Maso amaphonya minga, zala siziphonya. Njira yosavuta ndi usipa wouma wopanda mchere: tiukazinge pang'ono opanda mafuta, tisinje, tisefe, ndipo sipuni yaing'ono imodzi ya ufawo iwire limodzi ndi phala.

Nyama ya mbuzi kapena nkhuku iphikidwe mpaka ifewe, idulidwe tinthulinthuli, kenako isinjidwe ndi msuzi wake. Nthuli yathunthu ayi, ngakhale patsiku la Idi pomwe aliyense afuna kulawitsa mwana.

Phala likhale lolimbirapo, losayenderera pa sipuni, ndipo mwana adye atakhala tsonga, wamkulu ali pomwepo. Akamakhosomola ndi kuchita phokoso, ndiye kuti mpweya ukudutsa, timusiye achitulutse yekha, tisapise chala m'kamwa. Wotsamwa zenizeni amangoti zii, osalira. Ameneyo timugoneke chafufumimba pamkono, mutu utatsikira pansi, timumenye pakati pa mapewa kasanu ndi chikhatho, wina akuthamangira thandizo.