Mutu waching'alang'ala wa nthawi ya msambo: kalendala ya miyezi itatu ithandiza amayi kukonzekera

Amayi ambiri amadwala mutu waukulu mwezi ndi mwezi pa masiku amene ayandikira kusamba kapena angoyamba kumene kusamba. Mutuwu kawirikawiri umakhala waching'alang'ala. Umawawa mogunda, nthawi zambiri mbali imodzi, ndipo umabwera ndi nseru kapena kusanza. Wodwala safuna kuwala kapena phokoso, ndipo kuyenda ndi kuwerama kumawonjezera ululu.

M'madera a m'mphepete mwa nyanja monga kwa Nkope m'boma la Mangochi, komwe malungo ndi ofala, munthu akamva mutu amayamba waganiza za malungo. Ganizoli ndi loyenera pamene thupi latentha, ndipo zikatero mayi ayenera kukayezetsa magazi tsiku lomwelo. Koma mutu umene umabwera popanda kutentha thupi, nthawi yofanana mwezi uliwonse, pomwe zoyeza zikusonyeza kuti malungo mulibe, uli ndi gwero lina. Ubwino wake ndi woti nthawi yake imadziwika, kotero munthu angathe kuukonzekera.

Gwero la vutoli

Chimene chimayambitsa mutuwu ndi kutsika kwa homoni ya esitirojeni m'thupi la mayi. Homoniyi imakhala yokwera m'theka lachiwiri la mwezi wa mayi, ndipo ngati sanatenge pathupi imatsika msanga kutatsala masiku ochepa kuti msambo uyambe. Ubongo wa mayi amene ali kale ndi chibadwa cha mutu waching'alang'ala umagwedezeka ndi kutsika kumeneku. Mu 1972, dotolo wa ku Australia, Brian Somerville, anasonyeza kuti amayi oterewa akabayidwa jakisoni wa esitirojeni msambo usanayambe, mutu unkachedwa kubwera kufikira mphamvu ya jakisoniyo itatha.

Izi sizitanthauza kuti mahomoni a mayiyo ndi olakwika. Amakwera ndi kutsika monga a mayi wina aliyense, n'chifukwa chake kuyeza magazi sikungasonyeze matendawa. Chimene chimawasonyeza ndi kalendala.

Malinga ndi ndondomeko ya bungwe la International Headache Society ya chaka cha 2018, mutu waching'alang'ala umatchedwa wa msambo ngati ukugwa mkati mwa masiku asanu, omwe ndi masiku awiri msambo usanayambe ndi masiku atatu oyamba a msambo, ndipo izi zichitike pa miyezi iwiri mwa itatu. Tsiku loyamba ndi lomwe magazi ayamba kutuluka. Mutu wa masiku amenewa umakonda kukhala wowawa kwambiri kuposa wa masiku ena, umatenga nthawi yaitali, ndipo umabwereranso mawa lake ngakhale mankhwala anauziziritsa dzulo.

Mmene kalendala imagwirira ntchito

Sipafunika chida chodula. Tsamba la m'kope kapena kalendala ya pakhoma ikwanira. Mayi alembe tsiku lomwe wayamba kusamba, masiku onse omwe mutu wamuwawa, mankhwala omwe wamwa ndi kuchuluka kwake, komanso ngati analephera kugwira ntchito. Alembe tsiku lomwelo, chifukwa pokumbukira pakutha pa mwezi anthu amakonda kulumikiza mutu uliwonse ndi msambo ngakhale zisakugwirizana.

Mwachitsanzo, mphunzitsi wamkazi pa sukulu ina ya pulayimale kwa Nkope wayamba kusamba pa 3 Malichi, pa 31 Malichi ndi pa 28 Epulo. Ndiye kuti mwezi wake ndi wa masiku 28. Kalendala yake ikusonyeza kuti mutu unamugwira pa 2 Malichi, kenaka pa 30 ndi 31 Malichi, ndiponso kuyambira pa 27 mpaka pa 29 Epulo. Pali mutu umodzi wa pa 14 Epulo, tsiku lomwe anakhalitsa pa msonkhano osadya nkhomaliro.

Pa miyezi itatu yonseyi mutu wayamba kutatsala tsiku limodzi kuti asambe, choncho ndi mutu wa msambo. Wa pa 14 Epulo uli ndi chifukwa chake chapadera ndipo susintha chithunzichi. Msambo wotsatira ukuyembekezeka pa 26 Meyi, mutu ukuyembekezeka pa 25 Meyi, ndipo masiku oyenera kusamala ndi kuyambira pa 24 mpaka pa 28 Meyi. Tsamba limeneli ndi lomwe mphunzitsiyu apite nalo kuchipatala pamodzi ndi buku lake la kuchipatala, kaya ndi pa chipatala chaching'ono cha Nkope chomwe ndi cha mpingo wa Anglican, ku Monkey Bay kapena pa chipatala chachikulu cha boma ku Mangochi. Wachipatala amene ali ndi mzere wautali panja amathandizidwa msanga ndi tsamba la masiku olembedwa kusiyana ndi mawu oti "mutu umandiwawa kawirikawiri".

Njira ziwiri zomwera mankhwala

Njira yoyamba ndi kumwa mankhwala mutu ukangoyamba. Amayi ambiri amapirira kufikira ululu utakula, koma pa nthawi imeneyo m'mimba mumakhala mutasiya kugwira ntchito bwino ndipo mapiritsi amachedwa kulowa m'magazi, mwinanso amasanzidwa. Mlingo wa munthu wamkulu ndi bulufeni wa mamiligalamu 400, kapena asipirini wa mamiligalamu 900, kapena panado wa mamiligalamu 1,000. Panado ndi wofatsa m'mimba koma pa mutu wa msambo nthawi zambiri amachepa mphamvu. Kukonzekera apa ndi kungoonetsetsa kuti mankhwala ali m'chikwama masiku asanu aja asanafike, osati kuyamba kuwafunafuna pa golosale mutu utagunda kale.

Njira yachiwiri ndi ya amayi omwe njira yoyamba sikuwakwanira, ndipo iyenera kuyambidwa ndi uphungu wa achipatala. Mayi amayamba kumwa mankhwala kutatsala masiku awiri kuti mutu ubwere, n'kupitiriza kwa masiku asanu, asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Mankhwala omwe anayesedwa kwambiri pa njirayi ndi napulokiseni, pafupifupi mamiligalamu 500 kawiri pa tsiku. Kumene sapezeka, achipatala angathe kupereka ena a gulu lomwelo monga bulufeni. Kwa mphunzitsi uja, ndiye kuti ayambe pa 23 Meyi ndi kusiya pa 28 Meyi. Mankhwala a gululi amachepetsanso kupotokola kwa m'mimba ndi kuchuluka kwa magazi a msambo, pomwe asipirini angathe kuwachulukitsa.

Njirayi ili ndi malire. Imadalira kuti mwezi wa mayi ukhale wodziwika. Ngati msambo umabwera pa masiku 24 mwezi uno, pa 35 mwezi wa mawa, monga zimakhalira kwa amayi omwe akuyandikira kusiya kusamba, mayi angamwe mankhwala sabata yolakwika n'kudwalabe mutu. Kwa ena mutu sutha koma umangosunthira ku tsiku lomwe asiya mankhwala, ndipo kalendala yomweyo ndi imene imaulula zimenezi. Bulufeni, napulokiseni ndi asipirini ayenera kumwedwa munthu atadya, ndipo sayenera kwa amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso, mphumu imene imadzuka ndi mankhwalawa, kapena amene akukayikira kuti ali ndi pathupi.

Pali mankhwala ena opangidwira mutu waching'alang'ala wokha, monga sumatiriputani, omwe bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021. Awa sapezekapezeka m'zipatala zing'onozing'ono za kumudzi.

Choopsa china chimene ambiri sachidziwa ndi chakuti mankhwala opha ululu akamwedwa mowirikiza amayambitsa mutu wa tsiku ndi tsiku. Malire ake ndi masiku 15 pa mwezi kwa panado, asipirini kapena bulufeni, ndi masiku 10 kwa mapiritsi osakaniza monga omwe ali ndi kafeini. Masiku asanu ndi limodzi a njira yachiwiri ija amawerengedwa nawo. Mayi amene kalendala yake ikuyandikira malirewa ayenera kukambirana ndi achipatala za mankhwala oteteza omwedwa tsiku lililonse.

Ntchito, chakudya ndi nyengo

Kutsika kwa homoni sikungaletsedwe, koma zinthu zina zimene zimakolezera mutu zingathe kuchotsedwa pa masiku asanuwo. Zazikulu ndi kudumpha chakudya, kusamwa madzi okwanira ndi kusagona mokwanira. Kunyanja, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene dzuwa limaomba kwambiri, ludzu ndi kunyezimira kwa madzi ndi mchenga zimawonjezera vutoli. Amayi omwe akusala kudya, monga m'mwezi wa Ramadani, angafunse achipatala mmene angakonzere nthawi ya mankhwala pa masiku awiri otsogolera msambo.

Wogwira ntchito m'boma amene akudziwa masiku ake angathe kupempha kuti ulendo wautali wa kumidzi kapena ntchito yochezera usiku isunthidwe pang'ono. Kwa oyang'anira maofesi ndi masukulu, pempho lobwera sabata ziwiri zisanafike ndi losavuta kulikonzera kusiyana ndi kujomba kwadzidzidzi, ndipo safunika kumufunsa mayi zambiri za thupi lake kuti amuthandize.

Njira zolera

Mapiritsi olera okhala ndi mahomoni awiri, monga Microgynon, ali ndi mapiritsi 21 a mahomoni ndi masiku 7 opanda mahomoni. Pa masiku 7 amenewa esitirojeni imatsika mwadzidzidzi, ndipo amayi ena amadwala mutu nthawi imeneyo. Achipatala angathe kusintha kamwedwe kake kapena kupereka njira ina.

Funso limene mayi ayenera kuyankha asanalandire mapiritsiwa ndi lakuti kodi mutu wake umatsogoleredwa ndi zizindikiro zachilendo. Izi ndi monga kuona timizere tothwanima tokhotakhota, kuona mdima mbali imodzi ya chimene akuyang'ana, dzanzi loyenda kuchoka m'zala kupita ku nkhope, kapena kuvutika kulankhula. Zizindikirozi zimatenga mphindi 5 mpaka 60 mutu usanagunde. Malinga ndi malangizo a WHO, mayi wotere sayenera kumwa mapiritsi okhala ndi esitirojeni chifukwa amawonjezera chiopsezo cha sitiroko, makamaka ngati amasuta fodya kapena ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Jakisoni wa miyezi itatu, timachubu ta pamkono ndi lupu alibe esitirojeni ndipo ndi zololedwa kwa iye, ngakhale jakisoni ndi timachubu zingasokoneze masiku a msambo kotero kuti kalendala iyenera kuyambidwanso.

Mutu umene suyenera kudikira kalendala

Mutu wogwa pa tsiku la msambo si wonse umene uli wa msambo. Mayi athamangire kuchipatala ngati mutu wabwera mwadzidzidzi ndi mphamvu imene sanayambe waimvapo, ngati thupi latentha kapena khosi lauma, ngati mkono kapena mwendo wafooka, pakamwa papotoka, wakomoka kapena wasokonezeka, kapena ngati mutu wayamba atamenyetsa mutu. Chimodzimodzinso mayi woyembekezera kapena amene wabereka posachedwa, chifukwa kwa iye mutu waukulu ungakhale chizindikiro cha kuthamanga kwa magazi koopsa. Amene amataya magazi ambiri pa msambo, n'kumamva mutu, chizungulire ndi kufooka msambo ukamatha, apemphe kuyezedwa kuchuluka kwa magazi m'thupi.