Kuyera kwa m'maso n'kosiyana ndi kuyera kwa 255

Wochapa aliyense amadziwa kuti malaya ooneka oyera m'nyumba amaonetsa chikasu ukawayanika pafupi ndi nsalu yatsopano. Zithunzi za malonda zilinso choncho. Ukalembera pulogalamu yopanga zithunzi mawu awiri okha akuti `white background`, kawirikawiri imakupatsa kuyera kotuwira, kodera m'makona. Pa foni suona vuto. Koma chithunzicho chikaikidwa pa tsamba la msika loyera mbee, katundu wako amaoneka ngati wakhala m'kabokosi ka phulusa.

Pa kompyuta kuyera ndi nambala. Kadontho kalikonse ka chithunzi ndi msakanizo wa kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, ndipo mtundu uliwonse umayambira pa 0 kulekezera pa 255. Kuyera kwenikweni ndi pamene mitundu itatu yonse yafika pa 255, zomwe zimalembedwanso `#FFFFFF`. Amazon imafuna kuyera kumeneku pa chithunzi choyamba cha katundu, komanso kuti katunduyo adzaze 85% ya chithunzi kapena kuposa apo.

Tiyerekeze kuti mukugulitsa kapu yoyera yomwera tiyi. Mwaijambula nokha, ndipo mukufuna kuti pulogalamu isinthe za kumbuyo zokha. Mungalembe motere:

```
seamless pure white background, #FFFFFF, even soft lighting, soft contact shadow under the cup, crisp edges
```

Mawu akuti `seamless` achokera kwa ojambula a mu situdiyo, amene amatsitsa chipepala chachikulu kuchokera pakhoma, n'kuchipinda mwauta mpaka pansi, kuti mzere wokumanirana khoma ndi tebulo usaoneke. Mukawasiya, mzerewo ungatulukire kumbuyo kwa kapu. Koma mawu akuti `studio` ine ndimawapewa, chifukwa nthawi zina amabwera ndi katundu wake: nyali, miyendo ya nyali ndi kutuwa kumene ojambula amakonda.

Pa mthunzi ndi pamene ambiri amapunthwa. Pofuna kuyera amalamula kuti mthunzi usakhalepo n'komwe, kapu n'kumaoneka ngati ikuyandama m'malere. `contact shadow` ndi kamthunzi kochepa kamene kamakhala pomwe kapu yakhudza pansi, ndipo n'kamene kamauza diso kuti chinthuchi chili ndi kulemera. Kapu yoyera ilinso ndi vuto lina: kuwala kukachuluka, m'mphepete mwake mumasungunukira m'kuyera kwa kumbuyo, chogwirira n'kuzimirira. N'chifukwa chake timapempha `crisp edges`, kuti m'mbali mukhale kutuwa pang'ono kolekanitsa kapu ndi malo ake.

Komabe pulogalamuyi simvera nambala monga sikelo imamvera kilo; `#FFFFFF` imangoikankhira ku kuyera. Choncho musakhulupirire maso. Tsegulani chithunzi mu GIMP kapena Photoshop, mutenge chida cha `Color Picker` kapena `Eyedropper`, mudine m'makona onse anayi. Mukapeza 243 kapena 248, kwezani kuyera kwa kumbuyo kokha ndi `Levels` mpaka pa 255, kenako muonenso ngati chogwirira cha kapu chikadalipo musanatumize chithunzi ku msika.