Mitengero ndi kamzere: mbiri ya luso losakira nyimbo pa intaneti

Munthu amene akusaka nyimbo pa intaneti nthawi zambiri sadziwa mutu wake kapena dzina la woyimba. Chomwe wasunga m'mutu ndi mawu anayi kapena asanu omwe adamva pa wailesi ya m'minibasi kapena pa chinkhoswe. Akangowalemba pa Google momwe abwerera, amalandira masamba a ulaliki, nkhani za ndale ndi zamalonda. Koma akawatsekera m'mitengero, tizizindikiro tiwiritiwiri timene timasonyeza mawu oyankhulidwa ndi wina, masamba ambiri aja amazimiririka, ndipo nyimboyo imatha kutulukira pamwamba penipeni.

Mitengeroyi, pamodzi ndi kamzere kochotsera mawu osafunika, sizidayambe ndi Google ayi. Maziko ake adayalidwa ndi mphunzitsi wa masamu yemwe adamwalira makompyuta asanabwere, ndipo oyamba kuzigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku anali ogwira ntchito m'malaibulale.

Mphunzitsiyo anali George Boole, mwana wa munthu wosoka nsapato ku Lincoln m'dziko la England, yemwe adadziphunzitsa yekha masamu mpaka kukhala pulofesa ku Cork m'dziko la Ireland mu 1849. M'buku lake la mu 1854 adaonetsa kuti magulu a zinthu angathe kuwerengeredwa ngati manambala. Ungafune zinthu zomwe zili m'magulu awiri nthawi imodzi, zomwe zili m'gulu ili kapena ilo, kapenanso zomwe zili m'gulu ili koma osati m'linalo. Malamulo atatu amenewa ndi omwe lero amalembedwa kuti AND, OR ndi NOT pa kompyuta.

Padapita zaka zoposa 100 kuti malamulowa afike pa ntchito yosaka zolembedwa. M'zaka za m'ma 1960, Roger Summit wa ku kampani ya Lockheed ku America adakonza makina otchedwa Dialog, omwe adayamba kuchita malonda mu 1972. Ofufuza m'malaibulale ankalipira molingana ndi nthawi yomwe akhala olumikizidwa ku makinawo. Choncho munthu ankayamba wakonza funso lake papepala, n'kusankha mawu oti apezeke onse, mawu oti aimirirane, ndi mawu oti achotsedwe, asanakhudze kompyuta. Kulemba mwachisawawa kunkadya ndalama.

Makina oyamba ofufuzira pa intaneti sakadathandiza wosaka nyimbo. Archie, yemwe Alan Emtage adamukonza ku yunivesite ya McGill ku Canada mu 1990, ankangoona mayina a mafayilo, osati za m'kati mwake. Zinthu zidasintha mu 1994 pomwe WebCrawler, wa Brian Pinkerton, adayamba kusunga mawu onse a patsamba. Kenako mu Disembala 1995 kudabwera AltaVista, wa kampani ya Digital Equipment Corporation, yemwe adapatsa munthu wamba zida za ofufuza aja m'njira yachidule. Mitengero inkatanthauza kuti mawu apezeke motsatana momwe alembedwera, chizindikiro cha + chinkakakamiza liwu kuti lipezeke patsamba, pomwe cha - chinkalichotsa.

Kuti mitengero igwire ntchito, makina ayenera kusunga zambiri kuposa mndandanda wa mawu. Pa liwu lililonse amalemba masamba omwe likupezeka, ndiponso malo ake patsambapo: kuti liwu lakuti ndi la nambala 40, linalo ndi la 41. Ukatsekera mawu atatu m'mitengero, makina amayang'ana masamba omwe manambala a mawu atatuwo ndi otsatana. Ichi n'chifukwa chake njirayi imayenerana kwambiri ndi nyimbo. Mawu a m'nyimbo ndi wamba, monga mtima, usiku, mayi ndi kulira, ndipo lililonse palokha lili pa masamba osawerengeka. Chosowa n'kasanjidwe kake. Mawu asanu wamba, akandandalikidwa mwanjira imodzi yokha, angapezeke m'nyimbo imodzi basi.

Komatu makina amapeza zokhazo zomwe munthu wina adalemba. Oyamba kulemba mawu a nyimbo pa intaneti anali okonda nyimbo omwe ankamvetsera kaseti kapena CD n'kumataipa zomwe akumva, zolakwika ndi zolondola zomwe. Nkhokwe yaikulu ya nthawi imeneyo inali International Lyrics Server ya ku Switzerland, yomwe idasonkhanitsa mawu a nyimbo zoposa 100,000. Mu Januwale 1999 apolisi adalanda makompyuta ake, makampani osindikiza nyimbo atadandaula kuti mawuwo ankafalitsidwa popanda chilolezo. Ntchitoyo idamwazikira pa masamba ena ambirimbiri omwe ankakoperana, ndipo cholakwika cha munthu mmodzi chinkafalikira ponseponse.

Google, yemwe adayamba mu 1998, adatengera mitengero ndi kamzere, koma AND adamubisa m'kati: mawu onse omwe walemba ankayenera kupezeka patsamba popanda iwe kulamula. Vuto linali lakuti ankadumpha timawu tofala kwambiri tachingelezi, pomwe mizere yambiri ya nyimbo imapangidwa ndi timawu totere. Osaka nyimbo adaphunzira msanga kuti mitengero imakakamiza makina kutiwerengera. Adaphunziranso kuwonjezera liwu loti lyrics kumapeto, chifukwa masamba a mawu a nyimbo ankaliika pamutu pawo.

Zaka zikupita, Google adayamba kuganizira wosaka zomwe akufuna: kukonza kalembedwe, kulowetsa mawu ofanana tanthauzo, ngakhale kusiya liwu lomwe akuliona ngati losafunika. Mu Okutobala 2011 adachotsa chizindikiro cha +, patangopita miyezi yochepa atatsegula Google+, nauza anthu kuti azitsekera liwu limodzi m'mitengero m'malo mwake. Anthu atadandaula, mwezi wotsatira adaika chida chotchedwa Verbatim, chomwe chimaletsa makina kusintha mawu omwe walemba. Mu 2013 chizindikiro cha ~, chomwe chinkasaka mawu ofanana tanthauzo, chidachotsedwanso. Kulosera kumeneku kumathandiza munthu wofunsa za mankhwala a malungo, koma kumasokoneza wosaka nyimbo, amene akufuna mawu omwewo, osati achibale awo.

Tiyeni tione momwe zizindikiro zotsalazo zimagwirira ntchito lero. Tiyerekeze kuti mwamva nyimbo ya rege ya m'Chichewa yokhala ndi mzere woti njinga yanga yathyoka pa mlatho. Mzerewu ndi wongopeka kuti tiphunzirirepo. Poyamba mungalembe motere:

```
"njinga yanga yathyoka pa mlatho"
```

Ngati palibe tsamba lokhala ndi mawuwa motsatana, Google amanena pamwamba kuti sadapeze kanthu, kenako n'kuonetsa zomwe zikadatuluka mukadapanda kuika mitengero. Ambiri saona uthengawo, ndipo amataya nthawi kutsegula masamba osakhudzana ndi nyimbo. Mukauona, dziwani kuti liwu lina mudalimva molakwa, kapena wolemba adalilemba mosiyana. Liwu limodzi lolakwika limapha funso lonse. Ngati lomwe mukulikayikira ndi yathyoka, poti mwina woyimba adati yaphulika kapena yagwa, ikani kanyenyezi m'malo mwake, kamene kamaimira liwu lililonse:

```
"njinga yanga * pa mlatho"
```

Tsopano zotuluka zingachuluke, koma zambiri n'kukhala nkhani za ngozi zapamsewu. Apa ndipo kamzere kamalowa. Kayenera kugundana ndi liwu lomwe mukuchotsa. Mukasiya mpata pakati, makina sakawerengera.

```
"njinga yanga * pa mlatho" -apolisi -chipatala
```

Chenjerani, kamzere sikasankha. Kamataya tsamba lililonse lomwe pali liwulo, ngakhale litakhala m'nkhani ina ya m'mphepete mwa tsambalo. Ngati vesi yachitatu ya nyimboyo ikutchula chipatala, mwaitaya nokha. Ndi bwino kuchotsa liwu limodzi, kuona zomwe zasintha, kenako n'kuganiza za lachiwiri.

Mtundu wa nyimbo umagwira ntchito mwanjira ina. Liwu loti reggae silili m'nyimbomo, koma limapezeka pamutu wa tsamba kapena m'mawu ofotokoza kanema. Muzilisiya kunja kwa mitengero, kuti lingokankhira masamba a nyimbo pamwamba, ndipo muzililemba momwe oika nyimbo pa intaneti amalilembera:

```
"njinga yanga" "pa mlatho" reggae lyrics
```

Kugawa mzere m'zidutswa ziwiri chotere kumathandiza ngati simukudziwa kuti pakati pali mawu angati. Mtundu wolakwika nawo umasocheretsa. Nyimbo yomwe inu mukuiyesa rege, woiika pa intaneti mwina adailemba kuti gospel chifukwa cha uthenga wake. Zotuluka zikayamba kudzaza ndi oyimba a ku Jamaica, chotsani liwulo, muyese lina.

Nyimbo za m'Chichewa zili ndi msampha wawowawo, womwe ndi kalembedwe. Wina amalemba pa mlatho, wina pamlatho, winanso pamulatho. Wina amalemba kulira, mnzake kulila. Kwa makina omwe auzidwa kuti asasinthe kanthu, awa ndi mawu osiyana. Apa lamulo lachiwiri la Boole limathandiza, bola mulilembe ndi malembo akuluakulu:

```
"pa mlatho" OR "pamlatho" "njinga yanga"
```

Mu Ogasiti 2022 Google adafotokoza kuti zizindikiro zina za m'kalembedwe amaziwerenga ngati mpata. Choncho m'mudzi amamuona ngati mawu awiri, pomwe mmudzi ndi liwu limodzi, ndipo wosaka ayenera kuyesa zonse ziwiri. Pa nthawi yomweyo adakonza kuti timawu tomwe timaoneka pansi pa mutu wa tsamba tizionetsa malo omwe mzere wanu wapezeka. Izi zimathandiza kudziwa, musanawononge bandulo, ngati tsambalo ndi la nyimbo kapena la nkhani.

Pambali pa kulemba padakulanso njira yomvetsera. Shazam idayamba ku Britain mu 2002: munthu ankaimba nambala 2580, n'kuyandikiza foni pomwe pakulira nyimbo, ndipo mutu wake unkabwera pa uthenga wa pafoni. Mu Okutobala 2020 Google adalola anthu kung'ung'udza nyimbo kapena kuiimba mluzu, ndipo mwezi womwewo Spotify idayamba kulandira mawu a nyimbo m'bokosi lake losakira. Njira zonsezi zimafananitsa zomwe mwapereka ndi nkhokwe zomwe makampaniwo ali nazo.

Malire a luso lonseli ali pomwepa. Nyimbo yomwe idangotuluka pa kaseti, kapena yomwe kwaya imaimba pa Sabata osaijambula, siingapezeke ndi mitengero ngati palibe adalembapo mawu ake. Chotsala n'kusaka m'malo omwe anthu amalemba mizere ya nyimbo mwangozi, monga m'mitu ya makanema ndi m'mawu ofotokoza makanemawo. Kuwonjezera site:youtube.com kumatsekera kusaka pa YouTube pokha, ndipo mzere woyenera kuyesa ndi wa kolasi, chifukwa oika nyimbo zakale osadziwa mutu wake amakonda kuzitcha ndi mawu omwe amabwerezedwa kwambiri. Izi zikakanika, vuto silikhalanso la kalembedwe ka funso. Nyimboyo sinalembedwe pa intaneti, ndipo wofunika kumufunsa ndi muulutsi wa pulogalamu ya nyimbo zakale pa wailesi kapena wojambulira anthu nyimbo kumsika.